Mmene mungasinthire mtundu wa kuwala kwa sikirini madzulo, ndi pomwe thandizo lake limalekezera

Ambiri amene amandidandaulira za maso amakhala kuti ayesapo kale. Anayatsa kale zija zosandutsa sikirini kukhala yachikasu, anaona ngati foni yathiridwa tiyi, anapirira masiku awiri kenako anazimitsa. Ena sanazimitse, koma ikamakwana 10 koloko usiku maso amakhala akuwotchabe ngati mwalowa mchenga. Onsewa amalakwitsa pamalo amodzi: amasintha mtundu wa kuwala n'kusiya mphamvu ya kuwalako ili pomwepo, m'chipinda muli bii. Ntchito yeniyeni apa ndi yofananitsa sikirini ndi chipinda chimene mwakhalamo, ndipo mtundu ndi mbali imodzi chabe ya ntchitoyo. Ndondomeko ili m'munsiyi ingakutengereni mphindi 15 tsiku loyamba.

Zofunika kukhala nazo pafupi

Foni kapena kompyuta imene mumagwiritsa ntchito kwambiri madzulo. Yambani ndi imodzi.

Pepala loyera losalembapo kanthu. Ichi ndiye chida chanu choyezera, musachipeputse.

Nyali imene mumayatsadi usiku, kaya ndi babu lamagetsi, kaya kanyali ka sola.

Kansalu kofewa kopukutira sikirini.

Chitani zonsezi kutada, mutakhala pamalo pomwe mumakhala masiku onse. Mukachita masana, chilichonse chidzaoneka chofiira mopitirira ndipo mudzasankha molakwika.

Nambala imodzi yoti muidziwe

Mtundu wa kuwala amauyeza ndi nambala yothera ndi K. Ganizani za chitsulo pamoto wa osula: chimayamba chafiira, kenako chachikasu, chikatenthetsetsa chimayera. Ndi mmenenso nambalazi zimayendera. Kandulo ili cha m'ma 1900K, babu lakale lija lokhala ndi kawaya m'kati lili cha m'ma 2700K, pomwe sikirini zambiri zimachoka ku fakitale zili pa 6500K, kuyera kofanana ndi kuwala kwa masana. Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti pa foni mawu akuti Warm amatanthauza nambala yotsika, kuwala kopita kuchikasu. Mukamakokera ku Warm ndiye kuti mukuchepetsa kuwala kwa buluu.

Sitepe 1: Yatsani nyali, ndipo iikeni pamalo oyenera

Musanakhudze foni, konzani chipinda. Diso likakhala mumdima, kamwana ka diso kamakula kuti kalowetse kuwala kochuluka. Ndiye pakati pa mdimawo mwaika kachinthu kowala ngati dzuwa, diso likungosinthasintha pakati pa ziwirizi. Kumeneko ndiko kuthobwa kumene mumamva. Nyali ikhale pambali panu kapena kuseri kwa kompyuta, iziwalitsa khoma.

Chenjezo: nyali isakhale kumbuyo kwa mutu wanu, chifukwa idzaonekera pasikirini ngati pakalilole ndipo mudzayamba kutsinzinira kuti muwerenge. Kuti mudziwe, thimitsani sikirini n'kuiyang'ana ili yakuda. Mukaona babu m'menemo, sunthani mpando kapena pendeketsani sikirini. Pukutaninso mafuta a zala, chifukwa amamwaza kuwala n'kuchititsa zilembo kuoneka ngati zili mu nkhungu.

Magetsi akathima, musakhale ndi foni yokha mumdima. Kanyali ka sola kapena tochi yoloza kudenga n'kokwanira.

Sitepe 2: Tsitsani mphamvu ya kuwala poyerekeza ndi pepala

Tsegulani tsamba loyera, monga poyambira kulemba uthenga kapena chikalata chopanda kanthu. Gwirani pepala lija pambali pa sikirini. Tsitsani Brightness mpaka kuyera kwa sikirini kuyandikane ndi kuyera kwa pepala. Ngati sikirini ikuwalitsa dzanja lanu ngati tochi, idakali pamwamba. Ngati ikuoneka yotuwa moti mukuweramira kutsogolo kuti muwerenge, mwatsitsa kwambiri, kwezani pang'ono.

Ine sitepe imeneyi ndimaiona kukhala yaikulu kuposa zonse, ndipo ndi imene anthu amaidumpha. Mukangochita iyi yokha n'kulekera pomwepa, mwapindula kale kuposa amene wafiiritsa sikirini koma n'kuisiya ikuwala ngati masana.

Nthawi zina foni imakhala yowalabe ngakhale mwafika pamapeto potsitsa. Pa Android 12 kupita m'tsogolo mafoni ambiri ali ndi Extra dim, imene imapezeka pansi pa Accessibility. Pa iPhone pitani ku Settings, Accessibility, Display & Text Size, n'kuyatsa Reduce White Point.

Chenjezo: sikirini zina, makamaka za mtundu wa OLED, zimachepetsa kuwala pothima ndi kuyaka mofulumira kwambiri moti diso silingaone. Anthu ena zimenezi zimawapweteketsa mutu. Mukaona kuti mutu ukuwawa kwambiri pamene mwatsitsiratu kuwala, kwezani Brightness pang'ono ndipo onjezerani kuwala kwa m'chipinda kuti zifanane.

Sitepe 3: Pezani poyatsira

Kampani iliyonse inapatsa chinthu chosandutsa sikirini kukhala yachikasuchi dzina lake.

Pa iPhone ndi iPad dzina lake ndi Night Shift, ndipo chinabwera mu 2016 ndi iOS 9.3. Chili ku Settings, Display & Brightness, Night Shift.

Pa Samsung ndi Eye comfort shield, mafoni akale amati Blue light filter. Pa Tecno, Infinix ndi itel funani Eye Care. Pa Xiaomi ndi Redmi ndi Reading mode. Mafoni ena a Android amangoti Night Light. Zonsezi zimakhala pansi pa Display, koma njira yachidule ndi kulemba eye kapena night pofufuzira m'kati mwa Settings.

Pa Windows 10 ndi 11 pitani ku Settings, System, Display, Night light. Pa Ubuntu ndi ena ogwiritsa ntchito GNOME chili ku Settings, Displays, Night Light, ndipo amene akufuna kuika nambala yeniyeni angalembe izi mu Terminal:

```
gsettings set org.gnome.settings-daemon.plugins.color night-light-enabled true
gsettings set org.gnome.settings-daemon.plugins.color night-light-temperature 4000
```

Amene adakali pa Windows 7 kapena 8 alibe chimenechi m'kompyuta mwawo. Pulogalamu ya f.lux, imene yakhalapo kuyambira 2009, imagwira ntchito yomweyi ndipo imaonetsa nambala za K.

Chenjezo: pa foni imene ili kale ndi chake, musaikenso mapulogalamu otola apo ndi apo olonjeza kusefa kuwala kwa buluu. Ambiri amangoyala chinsalu chofiirira pamwamba pa sikirini, zakuda n'kusanduka zotuwa, zilembo n'kuzilala. Ena amabwera ndi zotsatsa malonda zomaliza bandulo. Musayatsenso ziwiri nthawi imodzi, monga f.lux pamodzi ndi Night light, chifukwa zimalimbana ndipo mtundu umangosinthasintha.

Sitepe 4: Sankhani kufiira kwake, pang'onopang'ono

Tengani pepala lija kachiwiri. Tsopano simukuyang'ana mphamvu, mukuyang'ana mtundu. Pansi pa babu lachikasu pepala limaoneka lachikasu pang'ono, koma ubongo wanu umaliwerenga ngati loyera chifukwa chipinda chonse chili choncho. Cholinga n'chakuti sikirini ifanane nalo. Kokerani kachizindikiro ka Color temperature, Intensity kapena Strength mpaka sikirini isiye kuoneka yabuluu pambali pa pepala, ndipo imani pomwepo.

Apa mpamene pamafunika kuyang'ana babu lanu. Mababu ambiri a LED amalembedwa nambala yake pabokosi kapena pathako pa babu: 2700K kapena 3000K ndi achikasu, 6500K ndi oyera mbee. M'nyumba zambiri kwathu kuno muli oyera ajawa, ngakhalenso tinyali ta sola tambiri ndi toyera. Ngati babu lanu ndi la 6500K, sikirini ya 3000K idzaoneka ngati yadwala usiku wonse, chifukwa chipinda chikuuza diso kuti kuyera kwenikweni n'kwina. Pamenepo muli ndi njira ziwiri: kufiiritsa pang'ono chabe, cha m'ma 5000K, kapena kusintha babu la m'chipinda chimene mumakhala madzulo kuti likhale lachikasu. Ngati babu ndi lachikasu kale, yambani cha m'ma 4500K, ndipo pakapita masiku awiri kapena atatu tsikirani cha m'ma 3500K ngati mukufuna. Pa foni yosaonetsa nambala, yambani kachizindikiro kasanafike pakati.

Mukasankha, ikani foni pansi, chitani zina kwa mphindi zingapo, kenako bwererani. Diso limazolowera msanga, ndipo chimene chimaoneka chachilendo poyamba chimasanduka choyera.

Chenjezo: musakokere mpaka kumapeto tsiku loyamba. Kufiira kwambiri kumachepetsa kusiyana kwa zilembo ndi tsamba, mawu abuluu ndi otuwa amabisala, ndipo mumayamba kusuzumira pafupi. Kusuzumirako kumatopetsa maso kuposa kuwala kwa buluu kumene mumathawa.

Sitepe 5: Ikani nthawi kuti ziziyaka zokha

Zoyatsa pamanja zimaiwalika. Pamalo pomwepo pali Schedule kapena Scheduled, ndipo pali njira ziwiri. Sunset to sunrise imatsatira dzuwa, koma imafuna kuti Location ikhale yoyatsa. Ambiri timathimitsa Location posunga batire, ndiye chipangizo chimalephera kudziwa kumene chili. Njira inayo ndi yoika maola nokha, imene imalembedwa Custom kapena Set hours.

Kwa amene ali ku Malawi, Zambia kapena ku Tete, kuika maola nokha n'kokwanira, chifukwa dzuwa silisuntha kwambiri: ku Lilongwe limalowa cha m'ma 5:20 mu Juni ndipo cha m'ma 6:20 mu Januwale. Kuyambira 6:30 madzulo mpaka 5:30 m'mawa kumagwira chaka chonse. Koma abale amene ali ku Britain asankhe kutsatira dzuwa, chifukwa kumeneko mu Disembala kumada 4 koloko isanakwane n'komwe, pomwe mu Juni kumakhala kukuwala mpaka kupitirira 9 koloko usiku.

Chenjezo: onetsetsani AM ndi PM. Mukazitembenuza, sikirini idzakhala yachikasu masana onse n'kuyera usiku, ndipo mudzaganiza kuti foni yawonongeka.

Sitepe 6: Yesani kwa sabata, kusintha chimodzi chimodzi

Ndikuuzeni mmene zinandiyendera ine, chifukwa ndi pamene ndinaonera malire a chinthuchi. Ndimalemba mabuku a banki mkhonde yathu pa laputopu, kawirikawiri kuyambira 8 koloko ana akagona. Pofika 9:30 manambala ankayamba kuphatikizana, maso akuyabwa, misozi ikulengeza. Ndinayatsa Night light n'kukokera Strength mpaka kumapeto. Usiku umenewo ndinasokoneza mizere ya angongole, chifukwa ndimaika mtundu wachikasu kwa amene wachedwa kubweza, ndipo pasikirini yofiira chikasu ndi kuyera zinali chimodzimodzi. Masonso sanasinthe.

Ndinayambiranso ndi pepala. Laputopu inali pa Brightness 80, kanyali ka sola koyera kali pawindo kumbuyo kwanga. Ndinasamutsira kanyaliko kuseri kwa laputopu kuti kaziwalitsa khoma, ndinatsitsa Brightness kufika 30, ndipo Strength ndinaibweza pa 25. Kuthobwa kuja kunatha usiku womwewo, ndipo ndinasiya kukwinya nkhope. Koma kuyabwa kwa 9:30 kunabwerabe masiku atatu otsatizana, pa nthawi yake yomweyo. Chinachotsa kuyabwako si mtundu ayi. Ndinakulitsa zilembo kufika 125%, ndinakankhira laputopu patali ngati kutalika kwa mkono, ndipo ndikamaliza anthu asanu aliwonse ndinkadzuka n'kukaima pakhomo kuyang'ana nyali za kutsidya kwa dambo.

Inunso chitani chimodzimodzi. Usiku uliwonse lembani nthawi imene maso ayamba kuvuta ndi mmene akuvutira. Kuthobwa ndi kukwinya nkhope n'za kuwala. Kuyabwa, kuwotcha ndi misozi n'za kuuma kwa maso. Zilembo kuphatikizana ndi mutu kuwawa pamphumi n'za kuyang'ana pafupi nthawi yaitali. Mtundu wa sikirini umangothandiza pa gulu loyambalo.

Zimene kusintha mtundu sikungachite

Sikubweza kuphethira. Munthu amaphethira pafupifupi ka 15 pa mphindi, koma akamayang'anitsitsa sikirini amatsika kufika ka 5 kapena 7. Misozi yonyowetsa diso imauma, ndipo n'chifukwa chake mumamva mchenga. Sikirini ikhale yoyera kapena yachikasu, kuuma n'komweko. Mankhwala ake ndi kuphethira mwadala, kuika sikirini m'munsi pang'ono mwa maso kuti zikope zitsike, ndi kupewa fani yopemerera kumaso, makamaka mu Okutobala.

Sikupumitsa minofu ya m'diso. Poyang'ana pafupi, kamnofu ka m'kati mwa diso kamakhala kokungika nthawi yonse. Madokotala a maso amalangiza za 20-20-20: pakatha mphindi 20, yang'anani chinthu chakutali mapazi 20, amene ndi mamita 6, kwa masekondi 20.

Sikuteteza diso ku khungu, chifukwa palibe umboni woti kuwala kwa buluu kochokera pasikirini kumawononga diso. Bungwe la madokotala a maso ku America, American Academy of Ophthalmology, limanena zimenezi poyera, ndipo sililimbikitsa kugula magalasi osefa buluu. Mu 2023 akatswiri a Cochrane, bungwe lounika kafukufuku wa zaumoyo, anaunika kafukufuku 17 wa magalasi amenewa ndipo sanapeze umboni woti amachepetsa kutopa kwa maso poyerekeza ndi magalasi wamba. Ndimamva chisoni ndikaona munthu akuwononga ndalama pa magalasi oterewa pamene sanapimitsepo maso n'kamodzi komwe.

Pa nkhani ya tulo pali choona chake, koma n'chochepa kuposa mmene amalengezera. M'diso muli timaselo timene timamva kwambiri kuwala kwa buluu n'kuuza ubongo kuti kukadali masana, ndipo ubongo umachedwetsa melatonini, imene imakonzekeretsa thupi kugona. Koma timaselo timeneti timamvanso kuchuluka kwa kuwala ndi kutalika kwa nthawi. Mu 2021 ofufuza a pa yunivesite ya Brigham Young ku America anagawa achinyamata 167 m'magulu atatu kwa sabata: ogwiritsa ntchito iPhone atayatsa Night Shift, osayatsa, ndi osagwira foni n'komwe asanagone. Night Shift sinawonjezere tulo. Uthenga wokukwiyitsani pa gulu la WhatsApp umathamangitsa tulo ngakhale utabwera pa sikirini yachikasu, ndiye ngati vuto lanu ndi kugona, ikani foni patali ola limodzi musanagone.

Ndipo sikulowa m'malo mwa magalasi. Munthu akafika zaka za m'ma 40, diso limayamba kulephera kuona bwino pafupi, ndipo vutoli limakula pamene kuwala kwachepa. Mukadzipeza mukutalikitsa foni kuti muwerenge, kapimitseni maso. Pitani kuchipatala msanga, osadikira, ngati diso likupweteka kwambiri ndi kufiira, ngati mwayamba kuona mwachimbuuzi mwadzidzidzi, ngati mukuona zinthu ziwiriziwiri, kapena ngati mukuona zingwe za utawaleza kuzungulira nyali. Odwala shuga azipimitsa maso chaka ndi chaka ngakhale palibe chowawa.

Zolakwika zimene anthu amachita kawirikawiri

Kuweruza mitundu sikirini ili yachikasu. Amene amagulitsa zitenje, nsapato kapena kaunjika pa foni asamale kwambiri. Chitenje chabuluu chimaoneka ngati chopita kobiriwira, choyera chimaoneka ngati chamkaka, ndipo mukhoza kuoda chosayenera kapena kukangana ndi kasitomala pachabe. Thimitsani kaye, onani chithunzicho, yatsaninso. Chimodzimodzi okonza zithunzi za ukwati ndi opanga timakadi: mukakonza sikirini ili yachikasu mumawonjezera buluu osadziwa, ndipo m'mawa nkhope za anthu zimatuluka zotuwa.

Kuopa kuti chikasucho chilowa m'zithunzi. Sichilowa. Chithunzi chimene mwajambula kapena kutumiza chimafika kwa mnzanu ndi mitundu yake yeniyeni, chifukwa kusinthaku kumangochitika poonetsa pasikirini yanu.

Kukweza Brightness mutayatsa. Sikirini yachikasu imaoneka yoderako poyamba, ndiye dzanja limathamangira kukweza. Mukatero mwafafaniza sitepe yachiwiri. Dikirani kaye mphindi zingapo diso lizolowere.

Kusokoneza ndi Dark mode. Iyo imadetsa tsamba n'kuyeretsa zilembo, pomwe izi zimasintha mtundu wa kuwala konse. Mungaziyatse zonse ziwiri. Koma anthu ena, makamaka amene maso awo amamwaza kuwala, amaona zilembo zoyera pa tsamba lakuda ngati zikutuluka nthunzi, ndipo iwowa amawerenga bwino pa tsamba loyera lotsitsidwa kuwala.

Kukonza foni n'kuiwala zina zonse. Foni ili pa 3500K, koma pamutu pali babu la 6500K ndipo kutsogolo wailesi yakanema ikuwala mphamvu zake zonse. Mawailesi akanema ambiri ali ndi Picture mode, ndipo Movie kapena Cinema imakhala yofewa kuposa Vivid kapena Dynamic.

Kutengera foni kwa okonza chifukwa yasanduka yachikasu. Mwana kapena chala chanu chomwe chikhoza kukhudza kachizindikiro kake pa timabatani totsika kuchokera pamwamba pa sikirini. Musanalipire aliyense, tsitsani timabatani timeneto n'kuona ngati Eye Care, Night Light kapena Eye comfort shield yayaka. Pa Windows, ngati Night light ikukana kuyatsika n'komwe, kawirikawiri vuto limakhala pulogalamu yoyendetsa sikirini imene imaoneka pansi pa Display adapters mu Device Manager; mukaona palembedwa Microsoft Basic Display Adapter, ikani ya kampani imene inapanga kompyutayo, n'kuithimitsa ndi kuiyatsanso.